Kupempha bwana chilolezo choti lipoti la sabata lizikonzedwa ndi kompyuta: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi a munthu amene Lolemba lililonse amakhala pa kompyuta n'kumasonkhanitsa pamanja manambala ochokera m'nthambi, ndipo wazindikira kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi Excel ikhoza kumaigwira yokha. Kuti tisalankhule zam'malere, tiyerekeze kalaliki wa bizinesi yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto. Likulu lili pa Nchalo, ndipo masitolo alipo 5: pa Dyeratu, pa Nchalo pomwepo, kwa Ngabu, ku Bangula ndi pa boma la Nsanje. Loweruka madzulo sitolo iliyonse imatumiza fayilo ya zimene yagulitsa, ndipo bwana manijala amafuna lipoti limodzi pofika Lolemba masana. Manambala a nthawi amene ali m'munsimu ndi a chitsanzochi basi. Inu muikepo anu.

Bwanji osangokonza mwakachetechete, bwana n'kudzaona okha kuti lipoti layamba kufika msanga?

Chifukwa lipotilo si lanu. Bwana amaitanitsira katundu ku Blantyre poyang'ana manambala amenewo, ndipo tsiku limene nambala idzalakwike adzafunsa kuti anakuuzani ndani kuti musinthe kakonzedwe kake. Chinanso, njira yatsopanoyi siyenda popanda anzanu a m'masitolo kuvomera kulemba mafayilo awo mofanana. Kalaliki wa pa Nchalo sangalamule wogulitsa wa ku Bangula kuti asiye kusintha mitu ya makolamu. Bwana akhoza. Choncho m'kalata yanu yopita kwa bwana mukupempha zinthu ziwiri pamodzi: nthawi yoti mukonze, ndi mawu a bwana opita kumasitolo.

Kodi kwenikweni ndikupempha kuti kompyuta izichita chiyani?

Muzisiyanitsa zinthu ziwiri, chifukwa anthu amazitchula ndi dzina limodzi. Choyamba ndi lipoti limene limadzikonza lokha pa ola loikika n'kudzitumiza popanda munthu kuliona. Chachiwiri ndi lipoti limene munthu amaika mafayilo mu foda imodzi, n'kudina batani, kenako n'kuyang'ana zotuluka asanazitumize. Pemphani chachiwirichi. Choyambacho chimafuna kompyuta yosazimitsidwa kapena intaneti yodalirika, nthawi zambiri chimafunanso laisensi ina, ndipo chikalakwitsa chimatumiza cholakwikacho kwa bwana inu muli ku msika.

Chida chochitira zimenezi chili kale mu Excel ya pa Windows kuyambira ya 2016, ndipo dzina lake ndi Power Query. Mu Excel yatsopano mumalowa pa `Data > Get Data > From File > From Folder`, n'kuloza foda imene muli mafayilo a masitolo onse, kenako `Combine & Transform Data`. Mukatero mumakonza kamodzi kokha zonse zimene mumakonza pamanja sabata iliyonse: kuchotsa mizere yopanda kanthu, kuwongola madeti, kufananitsa mayina a katundu. Excel imasunga masitepe amenewo motsatana. Lolemba lotsatira mumangochotsa mafayilo a sabata yatha mu foda muja, n'kuponyamo atsopano n'kudina `Refresh All`, ndipo imabwereza masitepe onse.

M'kalata musalembemo zonsezi. Chiganizo chimodzi chikwanira: chidacho chili kale m'kompyuta ya mu ofesi ndipo palibe chogula. Koma tsimikizani kaye kuti n'zoonadi, potsegula Excel ya pa kompyuta imene idzagwire ntchitoyo.

Nthawi imene ndimataya ndiiyeze bwanji?

Apa ndi pamene kalata imaimira kapena kugwa. Ambiri amalemba kuti "lipotili limandidyera tsiku lonse", ndipo bwana amene amawaona Lolemba akumwa tiyi 10 koloko sakhulupiriranso china chilichonse cholembedwa m'munsi mwake.

Tengani pepala ndi wotchi ya pa foni, muyeze Malolemba 3 kapena 4 otsatizana. Musayeze ntchito yonse ngati chinthu chimodzi. Iduleni m'magawo, ndipo kasitomala akalowa kapena foni ikalira muziimitsa wotchi. Onetsetsani kuti limodzi mwa Malolembawo ndi la kumapeto kwa mwezi kapena la nyengo imene malonda achuluka, lina la sabata yozizira malonda, kenako mutenge nambala yapakati. Kalaliki wathu wapeza izi:

| Gawo la ntchito | Panopa | Njira yatsopano |
|---|---|---|
| Kutsitsa mafayilo 5 ndi kuwasunga | mphindi 20 | mphindi 20 |
| Kukopera mizere m'fayilo imodzi | mphindi 60 | 0 |
| Kuwongola madeti ndi mayina a katundu | mphindi 75 | 0 |
| Kuphatikiza ndi kukonza matebulo | mphindi 55 | mphindi 10 |
| Kufanizira ndi ndalama zimene zapita ku banki | mphindi 30 | mphindi 30 |
| Kulemba ndemanga ndi kutumiza | mphindi 30 | mphindi 30 |
| Zonse pamodzi | mphindi 270 | mphindi 90 |

Taonani mizere imene sinasinthe. Kompyuta siimbira foni wa kwa Ngabu kuti atumize fayilo. Siyang'ana silipi ya ku banki. Sidziwa kuti mankhwala a nkhupakupa agulidwa kwambiri sabata ino chifukwa alimi angapo a ng'ombe anabwera tsiku limodzi. Mphindi zimenezo zitsala, ndipo muzilembe kuti zitsala. Bwana amene waona kuti simunadzikometsere pa mizere itatuyo amakhulupirira ziro wa pa mizere inayo.

Choncho zopulumuka ndi mphindi 180, amene ndi maola 3 pa sabata. Si maola 4 ndi theka.

Nthawi yodikira fayilo yochedwa musaiwerengere konse. Ngati wa ku Nsanje amatumiza Lolemba 11 koloko m'malo mwa Loweruka, adzachedwabe ngakhale mutakhala ndi batani. Limenelo ndi vuto lina, lofunika chiganizo chake m'kalata.

Nanga pa chaka ndiwerengetse bwanji?

Musachulukitse ndi 52. Chotsani masabata a tchuthi chanu ndi amene ofesi imatseka. Tikatenga 48, maola 3 pa sabata akupereka maola 144, amene ndi masiku 18 a ntchito ngati tsiku lili ndi maola 8. Mu Excel zili motere:

```
=(270-90)/60*48
```

Koma nambala imeneyi payokha ili ngati kuyeza thonje pa sikelo osachotsera kulemera kwa thumba. Pali nthawi imene mudzawononge musanayambe kupindula, ndipo iyenera kuoneka m'kalata. Kwa kalaliki wathu, kumanga masitepe ndi kuwayesa pa mafayilo akale kutenga maola 16. Kulemba malangizo a tsamba limodzi ndi kuphunzitsa mnzake wa mu ofesi kutenga maola 4. Masabata 4 oyendetsa njira zonse ziwiri limodzi awonjezera ola limodzi pa sabata, maola 4 enanso. Onse pamodzi ndi maola 24. Mukagawa 24 ndi 3 mupeza 8, kutanthauza kuti pakatha masabata 8 chisiyireni njira yakale, nthawi yonse imene inalowa idzakhala itabwerera.

Muwonjezerenso ola limodzi pa mwezi la kukonzakonza, chifukwa kudzabwera mtundu watsopano wa mbewu kapena sitolo yatsopano. Maola 144 aja atsika kufika pa 132 m'chaka chathunthu. Nambala yotsikayo ndi imene muike m'kalata.

Ndisinthe maolawo kukhala makwacha?

Mosamala, kapena osatero n'komwe. Malipiro anu a pa mwezi sasintha chifukwa lipoti latha msanga, ndiye mukalemba kuti kampani "ipulumutsa" ndalama zakutizakuti, wa maakaunti adzafunsa kuti ndalamazo zili mu akaunti iti. Ndalama zenizeni zimakhalapo pokhapokha ngati lipotilo limakulipiritsani ovataimu kapena kuyatsitsa jenereta. Ngati sizili choncho, nenani chimene maola 3 aja adzagwire. Mwachitsanzo, kalaliki wathu azitsatira ngongole za alimi zimene zadutsa masiku, ntchito imene panopa imachitika kamodzi pa mwezi. Ndipo nenani ola limene lipoti lizifika: 10 koloko m'mawa m'malo mwa 2 koloko masana. Kwa bwana amene amafuna kuitanitsa katundu galimoto isananyamuke ku Blantyre kutsika mapiri a Thabwa, maola amenewo ndi amene ali ndi tanthauzo.

Kalatayo ioneke bwanji?

Tsamba limodzi. Pempho libwere m'ndime yoyamba, osati kumapeto. Tebulo la mphindi lija liikidwe ngati tsamba lachiwiri. Ngati ofesi yanu imalemba m'Chingelezi, dongosolo lake ndi lomweli.

> Wokondedwa Bwana Manijala,
>
> PEMPHO LOYESA NJIRA YATSOPANO YOKONZERA LIPOTI LA MALONDA LA LOLEMBA
>
> Ndikupempha chilolezo chanu choti ndiyese, kwa masabata 4, njira yoti Excel iziphatikiza yokha mafayilo a masitolo athu 5. Maonekedwe a lipoti limene mumalandira sasintha, ndipo palibe chogula chifukwa chidacho chili kale m'kompyuta ya mu ofesi.
>
> Ndayeza ntchitoyi Malolemba 4 apitawa. Imatenga maola 4 ndi mphindi 30. Mwa amenewa, maola opitirira pang'ono 3 ndi okopera mizere, kuwongola madeti ndi kuphatikiza. Ndi njira yatsopano ntchito yonse izitenga ola limodzi ndi mphindi 30, chifukwa kufanizira ndi za ku banki ndiponso kulemba ndemanga ndizichitabe ndekha. Lipoti lizikupezani pofika 10 koloko m'mawa, malinga ngati mafayilo afika Loweruka.
>
> Kukonza, kuphunzitsa mnzanga ndi kuyesa kudzatenga maola 24, amene adzabwerera m'masabata 8. Pa chaka chathunthu tidzapulumutsa maola pafupifupi 132, ndipo ndikuganiza zowagwiritsa ntchito potsatira ngongole za alimi sabata iliyonse.
>
> Pa masabata 4 oyesawo ndizikonza lipoti m'njira zonse ziwiri, ndipo inu muzilandirabe la njira yakale. Manambala akapanda kugwirizana pa chifukwa chimene sindingachifotokoze, tidzasiya ndipo palibe chidzaonongeke.
>
> Chimene ndikupempha kwa inu ndi ichi: mundilole kugwiritsa ntchito masana a Lachitatu ndi Lachinayi kwa masabata 2 pokonza zimenezi, komanso muuze anzathu a m'masitolo kuti azigwiritsa ntchito fomu imodzi osasintha mitu ya makolamu. Ndikalandira yankho lanu pofika Lachisanu, ndiyamba sabata yamawa.
>
> Ine wanu pa ntchito,
> Kalaliki wa malonda

Onani kuti dzina la Power Query silinalowe m'kalatamo. Bwana akafuna kulidziwa adzafunsa. Onaninso kuti mulibe mawu onyoza njira yakale. Nthawi zambiri amene anaiyambitsa ndi bwana omwewo, kapena munthu amene amamudalira.

Bwana akafunsa kuti "zingalakwike n'chiyani?", ndiyankhe bwanji?

Musanene kuti palibe. Zilipo, ndipo zili mitundu iwiri: zimene zimakuwa ndi zimene zimalowa mwakachetechete.

Zokuwazo si zoopsa. Wogulitsa akasintha mutu wa kolamu kuchoka pa `Qty` kukhala `Quantity`, nthawi zina Excel imaima n'kulemba uthenga wonga uwu:

```
Expression.Error: The column 'Qty' of the table wasn't found.
```

Mumabwezera mutuwo n'kudinanso. Chimodzimodzi mukasamutsira lipoti pa kompyuta ina: Excel imakumbukira malo enieni a foda, monga `C:\Malipoti\Masitolo`, ndipo ikapanda kuwapeza imadandaula. N'chifukwa chake ndi bwino kuika fodayo pa malo osavuta ngati amenewo kusiyana ndi pa `Desktop` ya munthu mmodzi, pamene adiresi yake imakhala ndi dzina la munthuyo.

Zachetechete ndi zimene muyenera kuzitchula nokha bwana asanazipeze. Choyamba ndi fayilo yobwera kawiri. Wa pa Dyeratu watumiza Loweruka, kenako wapeza cholakwika n'kutumizanso Lamlungu. Mwatsitsa zonse ziwiri, yachiwiriyo yalowa ndi `(1)` kumapeto kwa dzina, ndipo Excel yaphatikiza zonse mosadandaula. Malonda a pa Dyeratu aoneka ngati awirikiza. Chachiwiri ndi fayilo yosowa: mwadina batani wa ku Bangula asanatumize, lipoti latuluka lokongola, koma ndi la masitolo 4. Mankhwala a zonse ziwirizi ndi amodzi. Pophatikiza, Excel imaika kolamu yotchedwa `Source.Name` yosonyeza fayilo imene mzere uliwonse wachokera. Musaichotse. Pangani katebulo pamwamba pa lipoti kosonyeza dzina la fayilo iliyonse ya sabatayo, kuchuluka kwa mizere yake ndi ndalama zake zonse. Mayina akakhala 6 kapena 4 m'malo mwa 5, mwaona vuto musanawerenge china chilichonse.

Chachitatu ndi madeti, ndipo ichi chimapweteka anthu ambiri. Ife timalemba tsiku kenako mwezi, koma makompyuta ambiri amabwera ataikidwa kalembedwe ka ku Amereka, koyamba ndi mwezi. Deti lolembedwa `03/04/2025`, limene kwa ife ndi pa 3 Epulo, kompyuta yotero imaliwerenga ngati pa 4 Malichi. Madeti opitirira pa 12 amakanidwa poyera chifukwa kulibe mwezi wa 13, koma a pa 1 mpaka 12 amangotembenuka osalankhula, ndipo malonda a sabata ino amapezeka m'mwezi wina. Pokonza, dinani kumanja pa kolamu ya deti, musankhe `Change Type > Using Locale`, kenako `Date` ndi `English (United Kingdom)`. Zimenezi zimathandiza pamene deti labwera ngati mawu. Ngati linatembenuka kale pa kompyuta ya kusitolo, liyenera kukonzedwa komweko. Katebulo kaja kazisonyezanso deti loyamba ndi lomaliza la fayilo iliyonse, kuti lotembenuka lizionekera.

Pali kenanso kakang'ono. Nthawi zina `PivotTable` imadzikonza mizere yatsopano isanamalize kulowa, ndiye imasonyeza za sabata yatha. Lowani mu `Query Properties` muchotse chizindikiro pa `Enable background refresh`.

M'kalata, zonsezi zikhoza kukhala chiganizo chimodzi: lipoti lililonse lizikhala ndi katebulo kotsimikizira kuti mafayilo alowa 5, a masiku oyenera, ndipo ndalama zake zikufanana ndi za ku banki.

Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta?

Kuphatikiza mafayilo amene ali kale pa kompyuta sikufuna intaneti. Netiweki imafunika pongolandira mafayilowo ndi potumiza lipoti, ngati mmene zilili panopa. Pa nkhani ya magetsi njira yatsopanoyi ndiyo yabwinoko, chifukwa mphindi 90 batire ya laputopu ikhoza kupirira, pamene maola 4 ndi theka m'kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa batire yotopa siifika.

Nyengo ya mvula ndi nkhani ina. Amene analipo mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana, kapena mu Malichi 2023 nthawi ya Freddy, akudziwa kuti msewu, magetsi ndi mafoni zikhoza kuduka limodzi. Sabata yotero sitolo ikhoza kungotumiza chithunzi cha kope pa WhatsApp, kapena kuwerenga manambala pa foni. Excel siiphatikiza chithunzi. Wina ayenera kulemba manambalawo pa fomu ija n'kuisunga mu foda ndi dzina la sitoloyo. Malangizo anu a tsamba limodzi anene zimenezi, ndipo kope la foda yonse lizisungidwa pa fulashi imene sigona mu ofesi momwemo.

Bwana akudandaula za chinsinsi cha mayina a alimi angongole.

Dandaulo lake ndi loyenera, makamaka popeza dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu. Yankho lanu ndi lakuti njira imeneyi siitumiza kanthu kunja: mafayilo akhala pa kompyuta yomweyo imene akukhala panopa. Ngati lipoti la bwana silifuna mayina ndi manambala a foni, chotsani makolamu amenewo m'masitepe oyambirira kuti asafike n'komwe m'lipoti lotumizidwa.

Kodi sindikudzichotsa ntchito ndekha?

Maola 3 pa sabata ya maola 40 sachotsa munthu ntchito, komabe funsoli si lopusa, makamaka ngati lipotilo amakonza ndi munthu wina osati inu. Zikakhala choncho, kambiranani naye kalata isanapite, ndipo muyeze nthawiyo limodzi. Iye ndi amene amadziwa kuti wa kwa Ngabu amalemba "Urea 50" pamene ena amalemba "UREA 50kg", ndipo popanda chidziwitso chimenecho masitepe anu adzawerenga feteleza mmodzi ngati mitundu iwiri. Kalata yosainidwa ndi anthu awiri imapitanso bwino kuposa yooneka ngati ikumunenera wina.

Choopsa chenicheni kwa bwana n'chosiyana ndi chanu. Iwo amaopa kuti mukadwala kapena kupeza ntchito kwina, adzatsala ndi batani limene palibe akulimvetsa. Maola 4 ophunzitsa aja ali m'kalata pa chifukwa chimenechi, ndipo musawachotse pofuna kuti manambala akome. Sabata yachitatu yoyesa, mnzanuyo ndi amene adine batani inu mutakhala chete.

Pa masabata oyesa, manambala akasiyana ndichite chiyani?

Yembekezerani kuti adzasiyana sabata yoyamba. Musathamangire kunena kuti njira yatsopano ndiyo yalakwa, kapenanso yakale. Yambani ndi kufanizira sitolo imodzi imodzi. Ikapezeka imene ikusiyana, fanizirani tsiku ndi tsiku, kenako mzere ndi mzere. Kusiyana kukafanana ndendende ndi ndalama za mzere umodzi, ndiye kuti mzerewo unadumphidwa pokopera kapena walowa kawiri. Kukafanana ndi malonda onse a sitoloyo, n'kutheka kuti wogulitsa anaika mzere wa `TOTAL` pansi pa fayilo yake ndipo Excel yauwerenga ngati malonda. Umenewo mumausefa ndi sitepe imodzi.

Lembani kusiyana kulikonse ndi chifukwa chake pa pepala limodzi, pamodzi ndi mphindi zimene njira yatsopano yatengadi sabata iliyonse. Pepala limenelo ndi limene mudzapereke pa mapeto a masabata 4. Ngati munalonjeza mphindi 90 koma zikutuluka 110, lembani 110 ndi kuwerengetsanso: zopulumuka zikhala mphindi 160, ndipo maola 24 aja abwerera m'masabata 9 osati 8.

Kalata yapita, bwana sakuyankha.

Musalembe yachiwiri yaitali. Tengani mafayilo a sabata imene inadutsa kale, mukonze kachitsanzo pa nthawi yanu yopuma, ndipo mupemphe mphindi 10 tsiku losakhala Lolemba. Ikani pambali lipoti limene iwo analandira sabata imeneyo, mudine `Refresh All` iwo akuona, kenako afanizire okha nambala ya m'munsi. Akakana chifukwa ndi nyengo yogulitsa mbewu ndi feteleza ndipo palibe amene angasiye kauntala, chifukwacho n'chomveka. Funsani mwezi umene angalole, mulembe pa kalata yomweyo, ndipo pitirizani kuyeza mphindi zanu Lolemba lililonse kuti podzabwereranso tebulo lidzakhale ndi masabata a malonda ochuluka omwe.